Kupempha chilolezo chotepa kalasi: zimene imelo ya wophunzira iyenera kunena

Imelo yopempha chilolezo chojambula mawu m'kalasi ndi kalata yaifupi imene wophunzira wa pa yunivesite amalembera mphunzitsi wake asanayatse foni kuti atepe phunziro. Kutepa pakokha n'kosavuta, chifukwa pafupifupi foni iliyonse yamakono ili ndi pulogalamu yojambulira mawu, ndipo munthu akhoza kuiika pa desiki popanda aliyense kuzindikira. Chovuta ndi chimene chimachitika belu likalira, kalasi n'kubalalika. Mawu a mphunzitsi amatuluka m'chipindamo ali m'thumba la munthu wina, ndipo mwini mawuwo sadziwa kuti akagona kuti, adzawamva ndani, komanso adzakhalako mpaka liti. Imelo yolembedwa bwino imayankha nkhawa imeneyi. Imafotokoza chifukwa chimene wophunzira akufunira kutepa, malo amene mawuwo adzasungidwe, ntchito imene adzagwire, ndi tsiku limene adzafufutidwe.

Ophunzira ena amaona ngati kupempha n'kungotaya nthawi. Amati analipira fizi, phunzirolo ndi lawo, ndiye palibe chifukwa chogogodera pa khomo lotsegula kale. Maganizo amenewa amaiwala kuti m'mawu otepedwawo muli anthu atatu, ndipo wotepayo ndi mmodzi chabe mwa iwo.

Woyamba ndi mphunzitsi. Phunziro limene amapereka ndi ntchito ya nzeru zake, monga momwe buku limakhalira ntchito ya wolemba. Pangano la mayiko la Berne, limene dziko la Malawi linalowamo mu 1991, limatchula maphunziro olankhulidwa pagulu, zokamba ndi maulaliki pakati pa ntchito zotetezedwa. Kuno kwathu nkhani zoterezi zimayendera lamulo la umwini wa ntchito zaluso la 2016, ndipo bungwe la COSOMA ndi limene anthu ambiri amalidziwa pa nkhaniyi, makamaka chifukwa cha oimba. Wophunzira ali ndi ufulu womvera phunziro ndi kulemba manotsi ake, koma kukopera mawu onse monga analankhulidwira, n'kuwagawa kapena kuwagulitsa, ndi nkhani ina. Nthawi zinanso mphunzitsi amauza kalasi zotsatira za kafukufuku wake amene sanasindikizidwe, ndipo sangakondwe kuzimva zikuyendayenda m'mafoni iye asanazitulutse.

Wachiwiri ndi ophunzira anzake. Foni sisankha mawu. Imatenga funso la mnyamata wamanyazi wa kumbuyo, yankho lolakwika limene kalasi inaseka, ndi nkhani ya kunyumba imene mtsikana wina anapereka ngati chitsanzo. Gawo 21 la malamulo aakulu a dziko lino limateteza ufulu wa munthu wosunga zinsinsi zake, ndipo lamulo loteteza uthenga wokhudza anthu la 2024 linabwera ndi mfundo zomveka: uthenga wa munthu utoleredwe pa cholinga chodziwika, usungidwe motetezeka, ndipo usakhale nthawi yoposa imene ukufunika. Mfundo zitatu zomwezi ndizo msana wa imelo ya wophunzira, ngakhale iye asatchule lamulo lililonse.

Palinso mbiri imene aphunzitsi ambiri a m'mayunivesite a m'dziko muno sanaiiwale. Mu Febuluwale 2011, Blessings Chinsinga, amene ankaphunzitsa za ndale pa Chancellor College ku Zomba, anaitanidwa ndi mkulu wa apolisi wa nthawiyo, Peter Mukhito, kuti akafunsidwe za chitsanzo chimene anapereka m'kalasi, chokhudza kusowa kwa mafuta ndi ndalama zakunja komanso zipolowe za ku Tunisia ndi Egypt. Aphunzitsi anasiya kulowa m'makalasi kwa miyezi ingapo pofuna chitsimikizo cha ufulu wophunzitsa mopanda mantha, ufulu umene uli m'gawo 33 la malamulo aakulu. Nkhaniyi inaonetsa poyera zimene zimachitika mawu a m'kalasi akafika kunja. Masiku ano chiopsezo n'chachikulu kuposa pamenepo, chifukwa kachidutswa ka masekondi 20, kodulidwa pakati pa phunziro la maola awiri, kakhoza kufika m'magulu ambirimbiri a WhatsApp dzuwa lisanalowe, kopanda zimene zinanenedwa kasanayambe ndi zimene zinatsatira. Mphunzitsi akamazengereza kuyankha pempho la kutepa, kawirikawiri si nkhanza. Akuganiza za kachidutswa kameneka.

Zofunika kudziwa munthu asanalembe

Wophunzira ayenera kuyamba waona malamulo a sukulu yake, m'buku la malamulo a ophunzira kapena m'pepala lofotokoza kosi limene limaperekedwa semesita ikamayamba. Mayunivesite amasiyana. Ena amasiyira mphunzitsi aliyense kuti aweruze yekha, ena amafuna fomu yosainidwa, ndipo ena amaletseratu m'makalasi ena. Ngati pepala la kosi lanena kale kuti kutepa n'koletsedwa popanda chilolezo cholembedwa, imelo itchule mfundo imeneyo, kuti mphunzitsi aone kuti wopemphayo anawerenga.

Kenaka adziwe chimene foni yake imachita ndi mawu akajambulidwa. Apa ndi pamene malonjezo ambiri amathyokera. Wophunzira amalemba ndi mtima wonse kuti mawuwo adzakhala mu foni yake yokha, osadziwa kuti foniyo imatumiza yokha zinthu ku akaunti yake ya pa intaneti. Pa iPhone, pulogalamu ya Voice Memos ikalumikizidwa ndi iCloud, mawu amafika pa chipangizo chilichonse chimene chikugwiritsa ntchito akaunti yomweyo, kuphatikizapo foni yakale imene inapatsidwa kwa mng'ono wake akauntiyo isanachotsedwemo. Mafoni a Android ambiri alinso ndi njira zawo zosungira zinthu pa intaneti. Munthu alowe mu Settings, aone chimene chayatsidwa, ndipo alembe zoona zokhazokha. Kulonjeza chinthu chimene foni sidzasunga n'koipa kuposa kusalonjeza.

Kukula kwa mafayilo nako n'kofunika kukudziwa, chifukwa ndi kumene kumasankha malo osungira. Mawu a munthu akulankhula amamveka bwino akajambulidwa pa makilobiti 64 pa sekondi. Pa mlingo umenewu sekondi iliyonse imatenga makilobaiti 8, ndipo ola limodzi limakwana mamegabaiti pafupifupi 29. Pa makilobiti 128 kukulako kumawirikiza kawiri, kufika pa mamegabaiti 58 pa ola. Kosi ya maola atatu pa sabata, yophunzitsidwa masabata 14, ndi maola 42, ndipo pa mlingo wotsikawo imadya malo opitirira pang'ono gigabaiti imodzi. Zimenezi zimakwana mu foni wamba kapena pa memori kadi popanda kufuna intaneti. Vidiyo ndi nkhani ina: ola limodzi la vidiyo yooneka bwino limatenga magigabaiti atatu kapena kuposerapo, foni imadzaza msanga, ndipo mwini wake amayamba kusamutsira mafayilo pa laputopu ya mnzake kapena pa fulashi yobwereka. Vidiyo imaonetsanso nkhope za anthu. Pa zifukwa ziwirizi, kupempha mawu okha n'kwanzeru, ndipo mphunzitsi amavomera msanga pempho lotere kusiyana ndi la vidiyo.

Chitsanzo cha imelo

Chitsanzo chotsatirachi n'cha wophunzira wa chaka chachiwiri amene wathyoka dzanja lolembera, ndipo achipatala amuika chikhakha cha masabata asanu ndi limodzi. Kosi yake imakumana Lachiwiri kwa maola awiri ndi Lachinayi kwa ola limodzi. M'mayunivesite a ku Malawi makalata otere amalembedwa m'Chingerezi nthawi zambiri, popeza ndicho chiyankhulo chophunzitsira, koma mfundo zake sizisintha ndi chiyankhulo. Pa mzere wa Subject iye alemba kuti: Pempho lotepa mawu m'kalasi, kenaka nambala ya kosi. Mkati mwake mukhala motere:

"A Dokotala, ndine wophunzira wanu wa chaka chachiwiri mu kosi imene mumaphunzitsa Lachiwiri ndi Lachinayi. Ndathyoka dzanja lamanja ndipo ndikhala m'chikhakha masabata asanu ndi limodzi, choncho sindikutha kulemba manotsi. Ndikupempha chilolezo chanu chojambula mawu okha, osati vidiyo, m'makalasi anu pa masabata amenewa.

"Mawuwo ndidzajambula ndi foni yanga, imene imatsekedwa ndi nambala yachinsinsi. Tsiku lomwelo ndidzawasamutsira pa laputopu yanga pogwiritsa ntchito chingwe, n'kuwafufuta mu foni. Laputopuyo ili ndi pasiwedi ndipo ndimagwiritsa ntchito ndekha. Sindidzawaika pa intaneti, pa WhatsApp kapena pa fulashi, ndipo sindidzapatsa munthu wina aliyense, ngakhale wa m'kalasi mwathu.

"Ndidzawamvera polemba manotsi anga ndi pokonzekera mayeso a kosi ino basi. Ngati ndingafune kutchula mawu anu enieni mu ntchito yolemba, ndidzayamba ndakufunsani. Nthawi ya zokambirana za ophunzira, kapena nthawi ina iliyonse imene mungandiuze, ndidzaimitsa kujambulako. Mafayilo onse ndidzafufuta pasanathe sabata imodzi zotsatira za mayeso a kosi ino zitatuluka, ndipo ndidzakudziwitsani ndikatero.

"Ngati pali fomu yoti ndisaine kapena ofesi imene ndiyenera kupitako, chonde mundiuze. Ngati kutepa sikutheka, ndingathokoze mutandilangiza njira ina. Sindiyamba kujambula mpaka nditamva kuchokera kwa inu. Zikomo kwambiri. Ndatha ine wophunzira wanu."

Pansi pake alemba dzina lake lonse, nambala yake ya kalembera ndi pulogalamu imene akuphunzira. Kalata yonse siposa mawu 250, ndipo mphunzitsi akhoza kuiwerenga pa foni ali pakati pa makalasi awiri.

Kalatayi ichokere pa adiresi ya imelo imene yunivesite inapereka, ngati ilipo. Mphunzitsi wa kalasi ya anthu mazana awiri sangazindikire adiresi ya dzina lamasewera, ndipo kalata yochokera kumeneko ikhoza kugwera mu Spam. Ulemu wa mphunzitsi utchulidwe molondola: amene ali ndi digiri ya udokotala ndi a Dokotala, pulofesa ndi a Pulofesa, ndipo ena onse ndi Aphunzitsi, a Bambo kapena a Mayi motsatira dzina la bambo awo. Kalata ifike masiku angapo kalasi yoyamba kutepedwa isanakwane. Yotumizidwa usiku wa Lolemba pofuna kutepa Lachiwiri m'mawa imaika mphunzitsi pakona, ndipo munthu woikidwa pakona amapeza kuti kukana n'kosavuta.

Chifukwa chopemphera chikhale chachifupi koma choona. Wophunzira wa chikhakha uja wanena vuto lake m'chiganizo chimodzi, ndipo sanafotokoze momwe anagwera kapena mankhwala amene akumwa. Zifukwa zina zomveka ndi monga kusamva bwino, kusaona bwino zolembedwa pa bolodi, monga zimakhalira ndi ophunzira ambiri achialubino, kapena kuvutika kutsatira Chingerezi cholankhulidwa mofulumira m'chaka choyamba. Chifukwa chimene sichimveka ndi chofuna kujomba. Aphunzitsi amadziwa kuti foni imodzi ikhoza kuphunzirira anthu khumi amene atsala ku hositelo, ndipo akangonunkhiza zimenezi amakana.

Pempholi lilinso ndi malire, ndipo malirewo ndi mphamvu yake. Wophunzirayu sanapemphe semesita yonse. Wapempha masabata asanu ndi limodzi, amene ndi maola 18, mafayilo 12, ndi mamegabaiti pafupifupi 520. Chikhakha chikachotsedwa dzanja lisanalimbe, akhoza kulembanso kupempha masabata ena awiri, ndipo mphunzitsi amene waona kuti malonjezo oyamba anasungidwa sangavute.

Kusunga

Ndime yonena za kusunga ndiyo imene mphunzitsi amawerenga kawiri, ndipo ndiyo imene ophunzira ambiri amailemba mwachidule kwambiri. Mawu akuti "ndidzasunga bwino" sanena kanthu. Kusunga bwino n'kutchula chipangizo, kutchula loko wake, ndi kutchula anthu amene amachigwira.

Foni ndi malo oipa osungiramo chinthu kwa nthawi yaitali. Imabwerekedwa ndi mnzake wa m'chipinda kuti aimbire kwawo, imasiyidwa pa malo otchajira magetsi akathima, imapita kwa wokonza mafoni galasi likasweka, ndipo imabedwa mu minibasi. Ikatayika, mafayilo amatayika nayo, ndipo ngati inalibe loko amakhala m'manja mwa munthu wosadziwika. Memori kadi ili ndi vuto lakelake: loko wa foni saiteteza, pokhapokha ngati mwini wake anayatsa njira yobisa zolembedwamo. Aliyense akhoza kuitulutsa, kuiika mu foni ina n'kumvera zonse. N'chifukwa chake chitsanzo chija chikusamutsira mawu pa laputopu tsiku lomwelo, ndipo chikutero ndi chingwe. Njira imene ambiri amaikonda, yodzitumizira fayilo pa WhatsApp kuti akaitsegule pa kompyuta, imasiya kope mu pulogalamuyo, ndipo kopelo limalowa m'zosungidwa za WhatsApp pa Google Drive kapena iCloud ngati zinayatsidwa. Chala chikaterereka, fayilo imapitanso ku gulu la kalasi m'malo mopita kwa mwini wake.

Si wophunzira aliyense ali ndi laputopu, ndipo amene alibe asaname kuti ali nayo. Iye anene kuti mawu adzakhala mu foni yokhala ndi loko, m'malo osungira a mkati mwa foniyo osati pa memori kadi, ndipo kuti foniyo sabwereketsa. Kompyuta za mu laibulale kapena mu labu si malo osungirapo, chifukwa wobwera pambuyo amapeza zonse zimene zinasiyidwa.

Ena amasankha kusunga pa Google Drive, poopa kuti chipangizo chikawonongeka angataye zonse. Palibe cholakwika, bola imelo inene zimenezo poyera. Akaunti yaulere ya Google imapereka magigabaiti 15, ogawana ndi Gmail ndi Google Photos, ndipo mawu a semesita yonse amakwanamo. Chofunika kuyang'anitsitsa ndi chilolezo cha foda. Pa General access payenera kulembedwa Restricted. Pakalembedwa Anyone with the link, aliyense amene linkiyo yamufika akhoza kutsegula, ndipo linki imayenda msanga kuposa fayilo. Akaunti ya yunivesite ndi yabwinoko kusiyana ndi akaunti imene munthu amagwiritsa ntchito limodzi ndi achibale, ndipo pasiwedi yake isakhale yodziwika kwa chibwenzi kapena mnzake wa m'chipinda.

Mayina a mafayilo akhale osavuta kuwerenga, monga `sabata03_lachiwiri.m4a`, onse mu foda imodzi. Izi zimathandiza powerenga, koma zimathandiza kwambiri pofufuta. Munthu amene akudziwa kuti ali ndi mafayilo 12 m'malo amodzi amadziwanso kuti wafufuta 12. Amene anawasiya ndi mayina amene foni inapereka yokha, obalalika pakati pa nyimbo ndi mauthenga, amatsala ndi awiri kapena atatu osadziwa.

Tsiku lofufuta limafuna kuganizira. Kunena kuti semesita ikatha n'kofulumira, chifukwa wophunzira akhoza kulakwa n'kuyenera kulemba mayeso achibwereza, pamene mawuwo adzafunike kwambiri. Kunena kuti akadzamaliza digiri n'kutali, ndipo pofika nthawiyo lonjezo lidzakhala litaiwalika. Kumangiriza tsikulo ku zotsatira za mayeso, monga m'chitsanzo chija, kumathetsa zonse ziwiri, ndipo amene wagwa m'mayeso achibwereza angolembanso kupempha kuti asunge mpaka atalemba. Kufufutako kukhale kwenikweni. Google Drive imasunga zofufutidwa mu Trash kwa masiku 30, Voice Memos imazisunga mu Recently Deleted, ndipo kompyuta ya Windows imaziika mu Recycle Bin mpaka munthu ataikhuthula. Fayilo imene ili m'malo amenewa ikadalipo, ndipo ikhoza kubwezeretsedwa ndi aliyense amene wagwira chipangizocho.

Ntchito ya mawuwo

Lonjezo lovuta kusunga pa onse ndi lakuti mawu sadzaperekedwa kwa munthu wina. Sabata ya mayeso ikafika, mnzake amene anadwala malungo n'kuphonya makalasi awiri adzabwera kudzapempha, ndipo kumukana kumaoneka ngati kuuma mtima. Wophunzira aganizire zimenezi asanalembe. Ngati akudziwa kuti amawerenga ndi anzake atatu ndipo adzafuna kumvera limodzi, anene m'kalatamo, kuti mphunzitsi avomere kapena akane akudziwa. Ngati analonjeza kuti ndi zake yekha, mnzake wodwala uja amupatse manotsi amene analemba kuchokera m'mawuwo, kapena amutumize kwa mphunzitsi kuti akapemphe yekha. Fayilo ikangofika mu foni yachiwiri, woitepa alibenso mphamvu pa iyo. Batani la Delete for everyone pa WhatsApp limagwira ntchito kwa masiku awiri okha, ndipo silifikira makope amene atumizidwa kale kwina kapena kusungidwa pa kompyuta. Dzina limene mphunzitsi ali nalo mu imelo ndi la wopempha uja, ndipo mlandu ukabuka udzayambira pa iye.

Mfundo yoimitsa kujambula ndi imene imateteza ophunzira ena. M'kalasi yaikulu imene mphunzitsi amalankhula yekha nthawi yambiri, vuto ndi lochepa. M'magulu aang'ono okambirana, momwe aliyense amayenera kulankhula, foni yoyaka imatseka anthu pakamwa. M'maphunziro a zaumoyo, uphungu ndi malamulo, momwe mumakambidwa nkhani za odwala ndi anthu enieni, mphunzitsi ali ndi chifukwa chokwanira chokanira ngakhale pempho lolembedwa bwino, ndipo m'wodi ya chipatala nkhani ya kutepa siyambika n'komwe. Aphunzitsi ambiri akavomera amafuna kudziwitsa kalasi kuti wina akujambula. Izi n'zoyenera, ndipo zikhoza kuchitika popanda kutchula dzina kapena vuto la wotepayo. Wophunzira amene sakufuna kuti vuto lake lidziwike apemphe zimenezo m'kalata yomweyo. Mlendo akabwera kudzaphunzitsa tsiku limodzi, chilolezo cha mphunzitsi wa kosi sichimukhudza, ndipo iye afunsidwe payekha.

Mawu otepedwa ali ndi malire amene wopempha ayenera kuwadziwa, kuti asavutitse mphunzitsi ndi chinthu chimene sichidzamuthandiza. Foni simva zolembedwa pa bolodi. M'kalasi ya masamu kapena ya kemisitiri mphunzitsi amati "iyi tiichotse apa, tiike uku," ndipo womvera pambuyo pake sadziwa kuti "iyi" inali chiyani. Njira yake n'kulemba, ngakhale ndi dzanja lamanzere, mphindi imene ikuoneka pa foni pamene mfundo yaikulu yayamba, ndi kupempha mnzake manotsi a zojambula za pa bolodi. Komanso maola 18 otepedwa amafuna maola 18 omvera. Amene amawasunga onse mpaka sabata ya mayeso samawamvera. Phindu lake limapezeka pamene fayilo yamvedwa tsiku lomwelo kapena mawa lake, phunziro likadali m'mutu.

Kamvekedwe ka mawu kamadalira malo amene foni yaikidwa. Maikolofoni ya foni inapangidwira munthu amene ali pafupi, ndipo pa mzere wakhumi imatenga kutsokomola ndi kusuntha kwa mipando kuposa mawu a mphunzitsi. Mvula ikamagwa pa denga la malata, kumbuyo sikumveka kanthu. Wotepa akhale m'mizere iwiri yoyamba, foni ikhale poonekera pa desiki osati m'thumba, ndipo ayese mphindi imodzi n'kumvera kalasi isanayambe. Ayatse Flight mode, chifukwa pa mafoni ambiri munthu akaimba kujambula kumaima. Aziponyanso diso pa nambala zowerenga nthawi: zikaima, ndiye kuti malo adzaza kapena foni yatseka pulogalamuyo pofuna kusunga batire. Kuika foni poonekera kulinso ndi phindu lina, lakuti mphunzitsi amaiona ndipo akhoza kuloza ndi chala kuti iimitsidwe.

Yankho

Yankho likhoza kubwera m'njira zinayi: kuvomera, kuvomera koika malire, kukana, kapena kukhala chete. Kuvomera kolembedwa kusungidwe, chifukwa ndiwo umboni wokhawo ngati wina atadandaula. Mphunzitsi akavomera pakamwa m'khonde, wophunzira atumize kalata ya mizere iwiri yothokoza ndi kubwereza zimene agwirizana, kuti pakhale cholembedwa. Malire amene mphunzitsi waonjezera, monga kutepa Lachiwiri lokha kapena kufufuta fayilo iliyonse pakatha masabata awiri, amalowa m'malo mwa zimene wophunzira analemba.

Kukhala chete si kuvomera. Aphunzitsi amalandira makalata ambiri, ndipo ena satsegula imelo tsiku lililonse. Pakapita masiku atatu kapena anayi ogwira ntchito, wophunzira akumbutse mwaulemu pa kalata yomweyo, kapena apite ku ofesi ya mphunzitsi pa nthawi yoonana ndi ophunzira. Kuika mkulu wa dipatimenti pa Cc pa kalata yoyamba n'kulakwitsa, chifukwa kumaoneka ngati kudandaula mlandu usanachitike.

Mphunzitsi akakana, foni isayatsidwe. Kutepa mobisa pambuyo pokanizidwa kukhoza kufikitsa wophunzira ku komiti yosungitsa mwambo, ndipo kumatsekera khomo ena amene adzapemphe pambuyo pake. Njira zina zilipo: kupempha masilaidi kalasi isanayambe, kupeza mnzake wolemba manotsi omveka, kapena kupempha kuti mphunzitsi ajambule yekha n'kusunga fayiloyo iye mwini. Njira yomalizayi aphunzitsi ena amaikonda, popeza amatha kudula zimene sakufuna kuti zituluke.

Nkhani imasintha ngati chifukwa chake ndi ulumali wokhalitsa. Malamulo a dziko lino amaletsa kusala munthu pa maphunziro chifukwa cha ulumali, ndipo kwa wophunzira wosaona kapena amene manja ake sagwira cholembera, kutepa ndi njira yake yolembera manotsi. Wophunzira wotere asamangodalira kukoma mtima kwa mphunzitsi aliyense payekha. Ayambire ku ofesi yothandiza ophunzira aulumali kapena kwa mkulu woona za umoyo wa ophunzira, atenge kalata yotsimikizira zosowa zake, ndipo imelo yake itchule kalatayo popanda kufotokoza za kuchipatala. Akakanizidwa, abwerere ku ofesi yomweyo kuti ilankhule ndi mphunzitsi. Malonjezo a kusunga, kusagawa ndi kufufuta amamukhudza iye monga wina aliyense.

Zotsatira za mayeso zikatuluka, wophunzira wa chikhakha uja afufuta mafayilo 12 pa laputopu, akhuthula Recycle Bin, aonanso mu foni ngati munatsala kanthu, n'kulembera a Dokotala mzere umodzi wowadziwitsa kuti zatheka. Chilolezo chake chimathera pomwepo. Chinali cha kosi imodzi, mphunzitsi mmodzi ndi masabata otchulidwa, ndipo kosi ina kapena semesita ina imafuna imelo yatsopano.